Semesita yonse ya akaunti pa tsamba limodzi: njira zinayi zolikonzera ndi imene ingakuyanjeni

Semesita yoyamba ya akaunti ikamatha, manotsi amakhala atadzaza makope awiri kapena atatu. Muli debiti ndi kirediti, leja, kutsika mtengo kwa katundu, sitoko, ngongole zosabwezedwa, kuyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, ndi zina zambiri. Ndiye pamabwera ganizo lofinya zonsezi kuti zikwane pa pepala limodzi la A4. Ganizoli ndi labwino, koma njira zochitira zilipo zingapo, ndipo zina zimakusiyani ndi pepala looneka bwino lomwe limangokuyang'anani funso likapota.

Musanagwire cholembera, funsani kaye malamulo a mayeso anuwo. Aphunzitsi ena amalola aliyense kulowa ndi tsamba limodzi, ndipo amanena ngati mulembe mbali imodzi kapena zonse ziwiri, pamanja kapena pa kompyuta. Koma mayeso ambiri, kuphatikizapo a ACCA, salola manotsi alionse m'chipinda cholembera. Pepala lolowa mozembetsa ndi likasa, ndipo lingakuchotsetseni sukulu. Sindikunena za limenelo. Kumene tsamba sililoledwa, ntchito yake ndi yakuti mulilowetse m'mutu, kenako mayeso akangoyamba mulembe msanga mizere yovutayo pa pepala losewerera limene akupatsani. Dziwaninso kuti mayeso ena amabwera ndi mafomula awoawo osindikizidwa kale, monga amachitira a ACCA pa mapepala ena owerengera mitengo ndi kayendetsedwe ka chuma. Chimene adzakupatsani musachiwonongere malo.

## Muyeso umene ndikugwiritsa ntchito

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo apa ndalama ndi nkhani yaing'ono, chokwera mtengo ndi maola anu. Chachiwiri ndi kupezeka kwa zofunika: kodi mukufuna laputopu, magetsi, mapepala a mayeso akale, kapena bolopeni basi? Chachitatu ndi kusamalira, kutanthauza ngati tsambalo lingasinthike mukapeza cholakwika kutatsala masiku atatu. Chachinayi ndi zoopsa zake.

Koma kuti tisamangolankhula m'malere, ndikufuna tsamba lililonse liyankhe funso limodzi, la mtundu umene susowa pa mayeso a semesita yoyamba. Pa 31 Disembala 2024, makasitomala a shopu ina ali ndi ngongole ya K5,200,000. Mmodzi mwa iwo, wa K200,000, wasamuka ndipo sadzabwezanso, choncho ngongole yake ifafanizidwe. Mwini shopu akufuna kuika padera 5 peresenti chifukwa cha ngongole zokayikitsa, chimene m'kalasi timachitcha alawansi. M'mabuku muli kale alawansi ya K180,000 ya chaka chatha.

Kayankhidwe kake kali ndi masitepe atatu, ndipo dongosolo lake ndi lofunika. Muyamba mwachotsa ngongole yakufayo, patsale K5,000,000. Mutenga 5 peresenti ya yotsalayo, ndiyo K250,000. Kenako muona kuti alawansi yakwera ndi zingati kuchoka pa K180,000, ndiyo K70,000, ndipo ndi kukwerako kokha kumene kumadya phindu la chaka chino. Choncho zochotsedwa pa phindu ndi K200,000 kuphatikiza K70,000, zonse K270,000. Pa sitetimenti ya chuma cha bizinesi, ngongole za makasitomala zioneka ngati K4,750,000.

Palibe masamu ovuta apa, mwana wa Fomu 1 akhoza kupeza 5 peresenti. Malikisi amathawira pa zinthu ziwiri: kutenga peresenti musanachotse ngongole yakufa, zomwe zimapereka K260,000, ndiponso kuika K250,000 yonse ngati zowonongedwa m'malo mwa K70,000. Tsamba labwino ndi limene limakugwirani dzanja pa malo awiri amenewa.

## Njira yoyamba: kulemba pamanja motsatira mitu ya m'kope

Iyi ndiyo imayamba kubwera m'maganizo. Mutsegula kope pa mutu woyamba, mukopera fomula iliyonse ndi lamulo lililonse, mpaka mutu womaliza.

Mtengo. Pepala ndi bolopeni, ndi madzulo amodzi kapena awiri.

Kupezeka. Aliyense angathe, ngakhale magetsi atathima, bola kandulo kapena tochi ya pa foni.

Kusamalira. Apa ndi povuta. Mumayamba ndi zilembo zazikulu, mitu yoyambirira itenga theka la pepala, ndiye mitu yakumapeto, yomwe ndiyo yovuta, imafinyikira m'mphepete. Mukafuna kuwonjezera mzere, muyenera kukopera pepala lonse kachiwiri. Kulemba ndi pensulo poyamba kumathandizako.

Zoopsa zake. Ine ndinapsa nayo njira imeneyi, ndipo ndimakumbukirabe. Pa mayeso a pakati pa semesita tinaloledwa tsamba limodzi. Langa linali loyera bwino, mitu yolembedwa ndi bolopeni yofiira. Pamwamba penipeni, m'zilembo zazikulu, panali ichi:

```
Assets = Capital + Liabilities
```

Mzere umenewu ndinkaudziwa ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku, komabe unatenga malo aulemu. Pa nkhani ya ngongole ndinali nditalemba izi zokha:

```
Allowance = % x receivables
```

Funso lofanana ndi la pamwambali litabwera, ndinayang'ana pepala, ndinachulukitsa peresenti ndi ngongole yonse, ndipo nambala yomwe inatuluka ndinaichotsa yonse pa phindu. Fomulayo sinali yabodza ayi. Inangokhala chete pa zinthu ziwiri zimene ndinkafunika kuuzidwa. Pepala la mayeso litabwerera, cholembera cha aphunzitsi chinali chitazunguliza manambala atatu otsatizana, chifukwa cholakwa chimodzi chinayenda kuchoka pa zowonongedwa, kupita pa phindu, mpaka pa sitetimenti ya chuma.

Vuto la njirayi ndi lakuti imatsatira dongosolo la mmene munaphunzirira, pamene mayeso amatsatira dongosolo lina. Funso lalikulu limakupatsani mndandanda wa mabalansi a m'leja ndi timfundo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pansi pake, zochokera m'mitu yosiyanasiyana. Ubwino wake ulipo umodzi, ndipo si wochepa: dzanja likamalemba, mutu umasankha, ndipo mukamaliza mumakhala mwaonanso silabasi yonse.

## Njira yachiwiri: kutayipa pa kompyuta ndi zilembo zing'onozing'ono

Apa mutsegula Word, mugawa tsamba m'mizati itatu, muchepetsa malire a m'mbali, mutsitsa zilembo mpaka saizi 6 kapena 7, ndipo pafupifupi manotsi onse alowa.

Mtengo. Kupulinta tsamba limodzi si ndalama zambiri, koma yembekezani kupulinta katatu kapena kanayi lisanakhale bwino. Maola ambiri amathera pa kukonza maonekedwe, ndipo maola amenewo si ophunzira akaunti.

Kupezeka. Pafunika laputopu kapena kompyuta ya kusukulu, magetsi, ndi malo opulintira. Sabata ya mayeso pa malo amenewa pamakhala mzere, choncho musadikire m'mawa wa tsikulo. Sungani fayilo ngati PDF musanapite nayo, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere imasuntha, ndipo tsamba limodzi limasanduka limodzi ndi theka.

Kusamalira. Pano ndi pamene imaposa zinzake zonse. Mukapeza cholakwika mumangosintha mzere umodzi. Mafupa a masitetimenti, kutanthauza mayina a mizere opanda manambala, amene amafuna mizati yowongoka, amatulukanso bwino kwambiri pa kompyuta kusiyana ndi pamanja.

Zoopsa zake. Kompyuta imakuchotserani ntchito yosankha, chikhalirecho kusankhako ndiko kuphunzira. Masitepe atatu a alawansi akhoza kukhalamo ndithu, koma ali pa mzere wa makumi asanu ndi limodzi wa mzati wapakati, pakati pa tanthauzo la leja ndi mndandanda wa anthu ogwiritsa ntchito masitetimenti. Werengerani nthawi: mayeso a maola atatu a malikisi 100 amakupatsani mphindi imodzi ndi masekondi 48 pa liki iliyonse. Mukataya mphindi ziwiri kufufuza mzere ndi chala, liki imodzi yapita, ndipo mukachita zimenezo kakhumi mwataya funso laling'ono lathunthu. Ngati tsamba sililoledwa m'chipinda, njirayi ilibiretu ntchito, chifukwa palibe amene angaloweze mizere mazana awiri. Ndipo aphunzitsi ena amene amalola tsamba amafuna lolembedwa pamanja, pa chifukwa chomwechi.

## Njira yachitatu: kubwereka tsamba la wina

Pa gulu la WhatsApp la kalasi sipalephera kutuluka tsamba la munthu amene analemba zaka zapitazo, kapena lotengedwa pa intaneti. Ena amaligulitsa pa fotokope.

Mtengo. Bandulo yochepa kapena fotokope imodzi. Nthawi, pafupifupi palibe.

Kupezeka. Limakupezani lokha.

Kusamalira. Simungalisinthe, makamaka likakhala chithunzi. Mumangolembapo m'mphepete.

Zoopsa zake. Zilipo zambiri, ndipo zina ndi zobisika. Masamba ambiri a pa intaneti analembedwera masilabasi a maiko ena. La ku America lingakupatseni LIFO ngati njira imodzi yowerengera sitoko, chifukwa malamulo akwawoko amailola. Koma maphunziro athu amatsatira malamulo a IFRS, ndipo IAS 2 inasiya kulola LIFO kuyambira mu 2005, zotsala ndi FIFO ndi mtengo wapakatikati. La ku India nthawi zambiri limaphunzitsa debiti ndi kirediti pogawa maakaunti m'magulu atatu ndi malamulo atatu. Njirayo si yolakwika, koma ngati aphunzitsi anu anakuzolowezani chikumbutso cha DEAD CLIC, kusakaniza ziwirizi kutatsala sabata imodzi kumangosokoneza mutu.

Masamba akale alinso ndi mayina akale. IAS 1 itakonzedwa mu 2007, dzina loti `balance sheet` linalowedwa m'malo ndi `statement of financial position`. Mukaona tsamba lili ndi dzina lakalelo pamodzi ndi `provision for doubtful debts`, dziwani kuti mwina ndi la kalekale, ndipo muyerekeze mzere uliwonse ndi mawu amene aphunzitsi anu amagwiritsa ntchito. Peresenti ya msonkho yolembedwa pa tsamba la wina musaikhulupirire n'komwe, chifukwa misonkho imasintha ndi bajeti ya boma. Gwiritsani ntchito imene funso lapereka.

Palinso zolakwika zongobadwa pokopera. Chimene ndachiona kawirikawiri ndi kusinthanitsa mizere iwiri iyi:

```
Markup = gross profit / cost of sales
Margin = gross profit / sales
```

Taonani kukula kwa nkhaniyi. Mwagulitsa katundu wa K1,500,000. Ngati 25 peresenti ndi yowonjezera pa mtengo wogulira, ndiye K1,500,000 ikuimira 125 peresenti, ndipo mtengo wogulira ndi K1,200,000. Ngati 25 peresenti ndi gawo la ndalama zogulitsira, mtengo wogulira ndi 75 peresenti ya K1,500,000, ndiyo K1,125,000. Kusiyana kwake ndi K75,000, ndipo pa funso la mabuku osakwanira, pamene mukufufuza sitoko yobedwa kapena yopsa, yankho lonse limatsamira pa nambala imeneyi. Munthu amene anabwereka tsamba alibe podziwira kuti mizere yasinthana, chifukwa sanaiyesepo.

Sindikuti tsamba la wina mulitaye. Ndi labwino poonera ngati mwaiwala mutu wina. Koma zofupikitsa zake ndi za mwini wake, ndipo malo amene iye ankapunthwa si amene inu mumapunthwa.

## Njira yachinayi: tsamba lomangidwa kuchokera pa zimene mwalakwitsa

Iyi ndiyo ndimaikonda, ndipo ndichedwapo pang'ono. Simuyambira m'kope ayi, mumayambira pa mafunso.

Tengani mapepala atatu kapena anayi a mayeso akale a kosi yanuyo. Tsekani makope, tcherani wotchi, lembani pepala loyamba ngati mayeso enieni. Pochonga, pambali panu pakhale pepala lina, ndipo paliponse pamene mwataya liki mulembe chifukwa chake m'mawu ochepa. Si zolakwa zonse zoyenera tsamba. Kudina molakwika pa kalikuleta sikufuna fomula. Kusamvetsa mutu wonse sikungachiritsidwe ndi mzere umodzi, kumafuna kubwerera ku kope kapena kwa aphunzitsi. Zoyenera tsamba ndi zapakatizi: zimene mumazidziwa koma mumasokoneza dongosolo, mbali, kapena nambala yoyambira. Chitani chimodzimodzi ndi pepala lachiwiri ndi lachitatu. Cholakwa chimene chabwera kawiri chapeza malo. Lamulo limene simunalilakwitsepo ngakhale kamodzi silikulowa, ngakhale litakhala lofunika chotani.

Mzere uliwonse ulembeni ngati masitepe, ndipo muikepo manambala a chitsanzo chimodzi. Pa funso lathu lija, bokosi la ngongole lingaoneke chonchi, manambala ali m'masauzande:

```
1. Write off first: 5200 - 200 = 5000
2. Allowance: 5% x 5000 = 250
3. P/L: change only, 250 - 180 = 70 (+200 = 270)
4. SFP: 5000 - 250 = 4750
```

Mizere inayi yokha, koma iliyonse yaima pa dzenje. Manambalawo ali ndi ntchito yake. Mutu ukazizira m'chipinda cha mayeso, chilembo chopanda nambala sichikuuzani kanthu, pamene 5200 yochotsedwa 200 imakukumbutsani nthawi yomweyo chimene chimayamba. Onjezani kamuvi kosonyeza kuti alawansi ikatsika, kusiyanako kumachepetsa zowonongedwa m'malo moziwonjezera, chifukwa olemba mayeso amakonda kutembenuza funsoli.

Kutsika mtengo kwa katundu kumafunanso chisamaliro chotere. Galimoto inagulidwa pa K12,000,000, ndipo imatsika 20 peresenti pachaka pa mtengo wotsala. Chaka choyamba imatsika K2,400,000, chachiwiri K1,920,000, zonse pamodzi K4,320,000. Funso likakupatsani chaka chachitatu, muyenera kuyambira pa K7,680,000, ndipo yankho ndi K1,536,000. Wothamanga amatenga 20 peresenti ya K12,000,000, napeza K2,400,000, ndipo phindu lachepa ndi K864,000 popanda chifukwa. Fomula yonse ya njira ziwiri zija, SL yotsitsa ndalama zofanana chaka chilichonse ndi RB yowerengera pa mtengo wotsala, mwina mukuidziwa kale. Chofunika pa tsamba ndi mawu oti peresenti ikugwera pati:

```
SL: % x cost, or (cost - residual) / life
RB: % x (cost - acc dep) = 20% x (12000 - 4320) = 1536
```

Pambali pake lembani funso lodzifunsa: kodi chaka chogula chimawerengedwa chathunthu, kapena ndi miyezi? Funso la mayeso limanena zimenezi, nthawi zambiri m'kamzere kakumapeto kamene maso amakadumpha.

Pa zolipiriratu, ine ndinasiya kulemba fomula, ndimajambula mzere wa miyezi. Lendi ya K1,800,000 yalipiridwa pa 1 Okutobala 2024 ya miyezi khumi ndi iwiri, ndiye kuti K150,000 pamwezi. Pa mzerewo ndimadula ndi kamtanda pa 31 Disembala. Kumanzere kwa kamtanda kuli miyezi itatu, K450,000, ya chaka chino. Kumanja kuli miyezi isanu ndi inayi, K1,350,000, yomwe ndi chuma cha bizinesi chifukwa nyumbayo sinakhalidwebe. Kachithunzi kameneka kamatenga malo ochepa ngati chala chachikulu, ndipo kamagwiranso ntchito pa bilu ya magetsi kapena ya madzi imene yagwiritsidwa ntchito koma sinalipiridwe, mumangoyang'ana mbali inayo.

Kagawidwe ka pepala: lipindeni kuti mutuluke mabokosi asanu ndi limodzi. Bokosi lalikulu kumanzere likhale la mafupa a masitetimenti awiri, mayina a mizere okha opanda manambala. Mabokosi anayi akhale a zosintha za kumapeto kwa chaka, motsatira mmene zimabwerera pansi pa mndandanda wa mabalansi: sitoko yotsala, kutsika mtengo, zolipiriratu ndi zosalipiridwa, ngongole. Pa chosintha chilichonse lembani malo awiri amene chimagwera, chifukwa kuiwala malo achiwiri ndiko kumachititsa kuti sitetimenti ikane kufanana mbali zonse. Bokosi lomaliza lisiyeni lopanda kanthu mpaka kutatsala masiku awiri.

Mtengo. Ndiyo yodula kuposa zonse pa nthawi. Mapepala atatu a maola atatu, kuwonjezapo kuchonga ndi kulemba, ndi sabata yathunthu ya madzulo. Koma maola amenewa ndi omwewo amene munayenera kuthera pokonzekera, choncho sanatayike.

Kupezeka. Pafunika mapepala akale ndi mayankho odalirika. Kulaibulale ya sukulu kapena kwa amene ali patsogolo panu mafunso amapezeka, koma mayankho ndiwo amasowa. Ngati palibe, gwiritsani ntchito mafunso a kumapeto kwa mitu m'buku lanu amene ali ndi mayankho kumbuyo, kapena khalani atatu, aliyense alembe payekha, kenako muyerekeze. Pamene mwasiyana ndi pamene pali nkhani, ndipo mukalephera kugwirizana mupite nazo kwa aphunzitsi.

Kusamalira. Tsambali limasintha lokha mukamapita patsogolo. Pepala lachinayi mulilembe tsamba lili pambali, ndipo muike kadontho pa mzere uliwonse umene mwauyang'ana. Mzere wopanda kadontho wamaliza ntchito yake, ufufuteni, malo ake apite kwa cholakwa chatsopano. Ndi chifukwa chake liyenera kulembedwa ndi pensulo mpaka tsiku lomaliza.

Zoopsa zake. Choyamba, limangoona zimene mapepala akale anafunsa. Ngati kwa zaka zitatu sanafunse kuyanjanitsa mabuku ndi banki, tsamba lanu likhala lopanda mzere wonena kuti macheke amene sanafike kubanki amasintha mbali ya sitetimenti, pamene ndalama zimene banki yadula zimalowa m'buku lanu la ndalama. Ndiye mukamaliza, yendetsani chala pa silabasi, ndipo mutu uliwonse wosaoneka muupezere funso limodzi. Bokosi lopanda kanthu lija ndi la zimenezi. Chachiwiri, ngati yankho lomwe munachongera linali lolakwika, mwalemba bodza m'zilembo zanu zomwe, ndipo mudzalikhulupirira. Chachitatu, manambala a chitsanzo akhoza kulowerera m'yankho lanu mukatopa. Ndinaonapo mnzanga atalemba 180 ya pa tsamba m'malo mwa alawansi ya m'funso. Alembeni ndi pensulo ya mtundu wina, kapena sankhani manambala ozungulira bwino oti sangafanane ndi a mayeso. Njirayinso siithandiza kwenikweni pa mafunso ofotokoza, monga kutchula mfundo zoyambira za akaunti, chifukwa kumeneko chofunika ndi mawu osati masitepe.

## Ndiye musankhe iti?

Ngati kwatsala masabata awiri kapena kuposa ndipo mapepala akale muli nawo, tengani njira yachinayi, kaya tsamba likuloledwa kapena ayi. Kumene sililoledwa, lichepetseni mpaka mizere khumi ndi isanu, ndipo m'mawa uliwonse muziyesa kuilemba pamtima pa pepala loyera m'mphindi zisanu. Umene ukukana kutuluka ndi umene muyambe nawo mawa lake.

Ngati tsamba likuloledwa, aphunzitsi avomera lotayipa, ndipo kosi yanu ili ndi masitetimenti ambiri ofuna mizati, monga a bizinesi ya anthu awiri kapena a kampani, phatikizani njira yachiwiri ndi yachinayi. Tayipani mafupa a masitetimenti okha pa saizi yosachepera 9, musiye theka la pepala loyera, ndipo masitepe a zolakwa zanu muwalembe pamanja.

Ngati mayeso ali ndi mafunso ambiri ofotokoza, kapena munajomba makalasi angapo ndipo simukudziwa n'komwe mitu yonse, yambani ndi njira yoyamba kuti muone dera lonse. Koma yambirani ku mutu womaliza kubwerera m'mbuyo, kuti zovuta zitenge malo zisanathe mphamvu za dzanja, ndipo mukamaliza muliyese pa funso limodzi lalikulu.

Ngati mukulemba sapu, muli ndi chuma chimene ena alibe: pepala lanu lomwe munalakwa. Pemphani kuliona ngati sukulu imalola, kapena kumbukirani mafunso amene anakugwetsani, ndipo tsamba lanu liyambire pomwepo.

Ngati mayeso ndi mkuja ndipo m'manja mwanu muli tsamba la pa WhatsApp lokha, musalikopere lonse. Tengani funso limodzi lokhala ndi mndandanda wa mabalansi ndi zosintha zake, muliyankhe pogwiritsa ntchito tsambalo, muyerekeze ndi yankho la m'buku. Dulani LIFO ndi peresenti iliyonse ya msonkho, yesani mizere iwiri ya phindu ija ndi K1,500,000 muone ngati ikutulutsa K1,200,000 ndi K1,125,000 pa malo oyenera, ndipo pa pepala lanulanu mulembe mizere yokhayo imene mwaiona ikugwira ntchito.